Mwagumula khoma osandiuza: uthenga wa eni nyumba kwa wochita lendi

M'matauni athu, kaya ndi ku Ndirande, ku Area 25 kapena ku Chibavi, mikangano yambiri ya eni nyumba ndi ochita lendi imayambira pa ndalama za pakutha pa mwezi. Koma pali mkangano wina umene umawawa kuposa ngongole ya lendi, chifukwa umasiya chipsera pa nyumba yeniyeniyo. Mwini nyumba amabwera kudzazonda, n'kupeza kuti pamene panali zenera pali chitseko, khonde latsekedwa ndi njerwa, kapena waya wa magetsi watuluka pa soketi ya kuchipinda n'kulowera ku kanyumba ka kuseri. Sanauzidwe, sanafunsidwe. Zimene zichitike m'masabata otsatirawo zimadalira kwambiri uthenga woyamba umene mwini nyumbayo atumize.

Uthenga wabwino umachita zinthu zitatu. Umatchula bwinobwino chimene chasinthidwa, umapereka njira ziwiri, kubwezeretsa mmene zinalili kapena kupempha chilolezo cholembedwa, ndipo umaika tsiku. Kuti tione mmene zimenezi zimayendera, titsate chitsanzo chimodzi kuchokera poyambira mpaka pothera.

Zenera lasanduka okala

Tiyerekeze kuti mayi wina wopuma pantchito ya uphunzitsi ali ndi nyumba ya zipinda zitatu ku Area 25 mu Lilongwe, ndipo amachititsa lendi pa K150,000 pamwezi. Amene akukhalamo ndi bambo wa banja lake, wolipira mokhulupirika. Chipinda cha kutsogolo chayang'ana kumsewu kumene kumadutsa anthu ambiri, ndiye bamboyo waona mwayi wa geni. Waitana mmisiri, achotsa zenera la masentimita 90 m'lifupi, agumula khoma mpaka pansi, n'kukulitsa mpatawo kufika mita imodzi ndi theka kuti pakwane chitseko ndi kauntala ya okala. Akoka waya kuchokera pa soketi ya m'chipindamo kuti pakhale mafiliji awiri a zakumwa ndi mafilizesi.

M'maso mwa bamboyo palibe cholakwa. Ndalama yake ndi imene yalowa, nyumbayo yaoneka bwino, ndipo okalayo ndi imene izimuthandiza kulipira lendi pa nthawi yake. Mawu amene ochita lendi ambiri amanena pa nthawi ngati imeneyi ndi akuti, "Komatu ndakukonzerani nyumba." Apa ndi pamene pamagona kusamvana konse. Wochita lendi amagula ufulu wokhala m'nyumba ndi kuigwiritsa ntchito, koma makoma, denga, mapaipi ndi mawaya zimakhalabe za mwini wake. Kukhoma msomali wa chithunzi kapena kupachika makatani ndi mbali ya kukhala m'nyumba. Kugumula khoma ndi kusintha nyumbayo, ndipo ngakhale pangano la lendi litakhala la pakamwa, munthu amayembekezeka kudzabweza nyumba ili mmene anaipezera, kupatula kutha kwa masiku onse monga kufwifwa kwa penti.

Muyambe mwaona, kenako mulembe

Mayi uja asanalembe kalikonse, akuyenera kudziwa kukula kwa chimene chachitika. Si kusintha konse kumene kuli koopsa, ndipo uthenga wolembedwa munthu asanaone bwino umakhala wongokalipa. Apangane tsiku ndi wochita lendiyo, apite ndi mmisiri wake wodziwa za zomangamanga, ajambule zithunzi pa foni kunja ndi mkati.

Choyamba chimene mmisiri amayang'ana ndi pamwamba pa mpatawo. Pamwamba pa zenera kapena chitseko chilichonse pamayenera kukhala lintala, mtanda wa konkire wokhala ndi zitsulo mkati, umene umasenza njerwa za pamwamba ndi gawo la kulemera kwa denga, n'kutula katunduyo pa makoma a m'mbali. Kuti igwire ntchito, lintala imayenera kulowa m'khoma masentimita osachepera 15 mbali iliyonse. Zenera la masentimita 90 limakhala ndi lintala ya pafupifupi masentimita 120. Bamboyo akanangochotsa njerwa za pansi pa zenera, osakulitsa mpata, lintalayo ikanakhalabe pamalo pake ndipo vuto likanakhala laling'ono. Koma mpatawo tsopano ndi masentimita 150. Lintala yakale yafupika, nsonga zake zilibe pokhazikika, ndipo kulemera konse kwa pamwamba kwagwera pa felemu ya chitseko, imene sinapangidwire ntchito imeneyo.

Nyumba imadziwonetsa yokha ikamavutika. Mng'alu umayambira pa ngodya ya pamwamba ya mpatawo n'kumakwera chopendekera, kutsatira mizere ya pakati pa njerwa. Chitseko chimayamba kukwecha pansi kapena kukana kutsekeka chifukwa felemu yapindika. Njira yosavuta yodziwira ngati mng'alu ukukula ndi kulemba ndi pensulo pamene wathera, kulemba tsiku pambali pake, n'kudzaonanso pakatha masabata awiri. Ngati wadutsa pamene munalemba paja, khomalo likuyendabe. Nyumba zambiri za m'makwalala athu zinamangidwa ndi njerwa zootcha koma zomata ndi dothi, simenti ili pa pulasitala pokha. Khoma lotere siligwirana mwamphamvu, ndipo mvula ya Januwale ikalowa m'ming'alumo limafooka msanga.

Chachiwiri ndi magetsi. Masoketi a m'nyumba amayenda ndi waya wa 2.5, pamene magetsi ounikira amayenda ndi wa 1.5. Wolumikiza wa changu amatenga waya aliyense amene wapezeka, nthawi zina wopyapyala wa mawailesi, n'kumata polumikiza ndi tepi. Mafiliji awiri akamayaka usana ndi usiku, polumikizapo pamatentha. Zizindikiro zake ndi soketi yofunda mukaigwira, kuda kapena kusungunuka kwa pulasitiki mozungulira mabowo, fungo la chinthu chopserera, ndi bureka imene imangogwa. Ntchito ya mawaya m'nyumba imayenera kugwiridwa ndi munthu wovomerezedwa ndi bungwe la MERA, ndipo chilichonse chokhudza mita ndi cha ESCOM yokha.

Mawu ake a uthengawo

Ataona zonsezi, mayi uja atha kulemba motere, pa pepala kapena pa WhatsApp:

"Bambo, ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi banja lonse. Pa 3 Juni ndinabwera ndi mmisiri kudzaona nyumba ija. Tinapeza kuti zenera la chipinda cha kutsogolo lachotsedwa, khoma lagumulidwa kufika mita imodzi ndi theka m'lifupi, paikidwa chitseko ndi kauntala, ndipo pakokedwa waya watsopano wa mafiliji. Zithunzi ndi izi. Ntchito imeneyi sindinauzidwe ndipo sindinavomereze, pamene pangano lathu limati kusintha kulikonse pa nyumba kuziyamba ndi chilolezo changa cholembedwa. Chonde imitsani ntchito ina iliyonse, ndipo muzimitse waya watsopanoyo lero mpaka wamagetsi wovomerezeka atamuona. Ndikukupemphani kuti musankhe chimodzi. Mutha kubwezeretsa khoma ndi zenera mmene zinalili, ndi ndalama zanu, pofika pa 3 Julaye. Kapena mundilembere pofika pa 17 Juni kupempha kuti zikhale, kuti tikhale pansi tigwirizane zoyenera kukonza n'kusainirana. Ndikapanda kumva kuchokera kwa inu pofika pa 17 Juni, nditenga kuti mwasankha kubwezeretsa. Zikomo, ndine mayi wanu mwini nyumba."

Muuthengawu mulibe mawu onyoza ndipo mulibe kuopseza kuti katundu aponyedwa panja. Muli masiku, miyeso ndi zithunzi, zinthu zimene palibe angazikane mawa. Mawu akuti "sindinavomereze" ndi ofunika kwambiri kuti alembedwe msanga. Mwini nyumba amene waona kusinthako, n'kukhala chete, n'kumalandira lendi mwezi ndi mwezi, amapatsa mnzakeyo mpata wodzanena kuti, "Munaona ndipo simunanene kanthu." Pakadutsa chaka, zimavuta kutsimikizira aliyense kuti kukhala chete kuja sikunali kulola.

Kulemba kulinso ndi maziko m'malamulo. Lamulo la malo olembetsedwa m'kaundula wa boma, limene linakhazikitsidwa mu 1967, limafuna kuti mwini malo asanathetse pangano la lendi chifukwa choti laphwanyidwa, ayambe wapereka chidziwitso cholembedwa chotchula chimene chaphwanyidwacho ndi kupereka nthawi yokwanira yokonzera. Nyumba zambiri za m'makwalala zili pa malo amene sali m'kaundulayo, komabe aliyense amene angadzamve mlanduwo, kaya ndi mfumu ya m'dera kapena majisitireti, adzafunsa mafunso omwewo: munamuuza liti, munamuuza chiyani, munamupatsa nthawi yotani?

Ngati uthengawo wapita pa foni, mayiyo asunge chithunzi chake choonetsa kuti unafika. Ngati ndi kalata, alembe ziwiri, wochita lendi asaine pa imodzi kuti walandira. Mawu ojambulidwa pa foni amathandiza kufewetsa mtima, koma salowa m'malo mwa zolembedwa, ndipo uthenga wotumizidwa kudzera mwa mwana kapena mlonda umafika utasintha.

Njira yoyamba: kubwezeretsa

Mawu akuti "mubwezeretse mmene zinalili" amamveka osavuta, koma akapanda kutambasulidwa amabala mkangano wachiwiri. Wochita lendi wokhumudwa atha kungounjika njerwa pampatapo, kupaka pulasitala pamwamba, n'kunena kuti wamaliza. Pakatha miyezi ingapo pamatuluka mng'alu woongoka mbali zonse ziwiri, kusonyeza pamene khoma latsopano lakumana ndi lakale popanda kugwirana.

Choncho agwirizane mmene ntchitoyo igwiridwire. Khoma la pamwamba liyambe lachirikizidwa ndi mitengo felemu isanachotsedwe. Njerwa zatsopano zilumane ndi zakale, kutanthauza kuchotsa njerwa zina m'mphepete mwa khoma lakale kuti zatsopano zilowemo, osati kungogundana. Khoma likhale lokhuthala ngati lakale: ngati linali la mainchesi 9, lisabwerere la mainchesi 4 ndi theka. Matope a simenti akhale a muyeso umodzi wa simenti pa miyeso 6 ya mchenga, ndipo pulasitiki yoletsa chinyontho imene imayalidwa pansi pa khoma ibwezeretsedwe ngati inang'ambika, apo ayi khomalo lizidzatuwa ndi kusupuka penti m'munsi. Zenera lakale, ngati lilipo, libwerere ndi zitsulo zake, ndipo penti ipakidwe khoma lonse kuti pasaoneke chigamba. Ntchito ikatha, mwini nyumba abwere aone, alembe mawu ochepa kuti wakhutira. Kapepala kameneko kamateteza wochita lendi pa tsiku lotuluka, kuti nkhani yomweyo isadzadulidwenso pa dipoziti.

Njira yachiwiri: kuvomereza molemba

Nthawi zina kusinthako kumakhala kwa phindu. Nyumba ya m'mbali mwa msewu yokhala ndi okala itha kudzachititsidwa lendi yokwererapo, ndipo wolipira mokhulupirika sapezeka wamba. Ngati mayi uja waganiza zolola, asangoti, "Basi zikhale." Chilolezo cha pakamwa chimasiya mafunso anayi osayankhidwa, ndipo onse amadzuka tsiku limene wochita lendi akusamuka.

Funso loyamba ndi la zoyenera kukonza. M'chitsanzo chathu, pakufunika lintala yatsopano ya masentimita osachepera 180, kuti ipitirire mpatawo ndi masentimita 15 mbali iliyonse. Ngati ithiridwa pomwepo, konkire imafuna kuthiriridwa madzi kwa sabata yathunthu, ndipo imafika pa mphamvu yake yonse pakatha masiku 28, choncho mitengo yochirikiza isachotsedwe mwa phuma. Mafiliji akhale ndi waya wawo woyenera, woikidwa ndi wamagetsi wovomerezeka.

Funso lachiwiri ndi la ndalama. Tiyerekeze kuti ntchito yokonzayi ikwana K240,000 ndipo agwirizana kugawana pakati. Wochita lendi alipira zonse, kenako adula K30,000 pa lendi kwa miyezi inayi, kutanthauza kuti azipereka K120,000 m'malo mwa K150,000 mpaka K120,000 ya mayiyo itakwana. Miyezi yake itchulidwe mayina, ndipo malisiti a simenti, zitsulo ndi malipiro a mmisiri asungidwe. Chimene chimawononga ubale ndi wochita lendi kudzidulira yekha, kutumiza ndalama yoperewera n'kunena kuti yotsalayo inalowa m'khoma. Popanda mgwirizano, imeneyo imawerengedwa ngati ngongole ya lendi basi.

Funso lachitatu ndi la umwini. Mfundo imene makhoti amatsata ndi yoti chimene chamangiriridwa ku nyumba mokhazikika chimakhala gawo la nyumbayo. Lintala, felemu ndi chitseko zimatsala. Mafiliji, mashelefu ndi kauntala yongomanga ndi misomali, zimene munthu anaika chifukwa cha geni yake, atha kuzitenga malinga akonze pamene pawonongeka. Ambiri sadziwa zimenezi, n'chifukwa chake timaona munthu akuzula chitseko usiku wosamuka n'kusiya nyumba ili pululu. Zilembedwe zinthuzo chimodzichimodzi, chotsala ndi chopita.

Funso lachinayi ndi la pamapeto: kodi akamadzatuluka adzatseke mpatawo kapena adzausiye? Mayankho onse awiri ndi abwino, bola lina lilembedwe. Pepalalo lisainidwe ndi onse awiri pamaso pa mboni, ndipo aliyense asunge lake pamodzi ndi pangano la lendi.

Chimene mwini nyumba sangaloleze yekha

Pali malire amene eni nyumba ambiri amaiwala. Chilolezo chawo chimathetsa nkhani ya pakati pa iwo ndi wochita lendi, koma sichilowa m'malo mwa chilolezo cha khonsolo. Lamulo la mapulani a malo la 2016, limene linalowa m'malo mwa la 1988, limafuna kuti ntchito yomanga komanso kusintha kagwiritsidwe ntchito ka malo, monga kusandutsa nyumba yogona kukhala ya malonda, zivomerezedwe ndi komiti yoona za mapulani. Khonsolo ili ndi mphamvu yolamula kuti chomangidwa popanda chilolezo chichotsedwe, ndipo poloti imadziwika ndi dzina la mwini wake. Geni yokhazikika imafunanso laisensi yake. Choncho mayi uja asanasaine, afunse ku ofesi ya mapulani ya khonsolo ya mzinda wa Lilongwe, ndipo m'pepala logwirizana alembemo kuti chilolezo chake chigwira ntchito pokhapokha khonsolo italola.

Aonenso mapepala a poloti yake. Malo ambiri a m'tauni anaperekedwa pa lizi yochokera ku boma, ku khonsolo kapena ku Malawi Housing Corporation, ndipo lizi imatchula ntchito imene malowo anaperekedwera. Ngati nyumbayo ili pa inshuwalansi kapena ndi chikole cha ngongole ya kubanki, kusintha kwa mtundu uwu kumayenera kudziwitsidwanso kumeneko.

Akakana zonse ziwiri

Zimachitika kuti tsiku lafika, khoma silinabwezeretsedwe ndipo kalata yopempha sinabwere. Apa mtima umathamangira ku njira zachidule zimene timazidziwa tonse: kuzula zitseko, kusasula malata, kutseka madzi, kuika loko wina pageti. Akuluakulu anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Mwini nyumba amene wasasula denga amawononga chuma chake chomwe, amaika ana osalakwa pa mvula, ndipo amachoka pa kukhala wodandaula n'kukhala woyankha mlandu.

Njira yake ndi kulemba kachiwiri, kukumbutsa za uthenga woyamba ndi kunena chimene chitsatire: kupereka notisi malinga ndi pangano, ndi kufuna ndalama zokonzera. M'madera ambiri mfumu kapena mkulu wa buloko amatha kukhazika pansi anthu awiriwa nkhani n'kutha. Zikakanika, bwalo la majisitireti lilipo, ndipo amene alibe ndalama za loya atha kufunsa thandizo ku Legal Aid Bureau. Pa dipoziti, mwini nyumba adule ndalama zimene ntchito yokonza yadyadi, aonetse malisiti, n'kubweza zotsala.

Wochita lendi naye ali ndi mbali yake. Akalandira uthenga wotere ayankhe molemba tsiku lisanakwane, ngakhale sakugwirizana nawo. Ngati anauzidwapo pakamwa kuti atha kusintha, atchule tsiku ndi amene analipo. Ngati chimene anachita chinali kukonza chinthu chowonongeka chimene mwini nyumba anachinyalanyaza atauzidwa, monga paipi yophulika kapena loko wothyoka, anene choncho ndi kuonetsa mauthenga ake, pakuti kukonza chowonongeka n'kosiyana ndi kusintha mamangidwe. Ndipo ngati masiku apatsidwawo ndi ochepa, apemphe ena n'kutchula tsiku limene angathe.

Inu eni nyumba, mukapeza khoma lasinthidwa, pitani mukaone ndi mmisiri, jambulani, ndipo lembani sabata lomwelo, mwaulemu, ndi njira ziwiri komanso tsiku. Inu ochita lendi, musanaitane mmisiri, tumizani uthenga wofotokoza chimene mukufuna kuchita, ndipo dikirani yankho lolembedwa. Ngati pangano lanu la lendi silinenapo kanthu za kusintha nyumba, khalani pansi mwezi uno muwonjezeremo mawu amenewo, nonse musaine.